Tsiku Limene Kompyuta Idaleka Kuvina

A Kawaya adayamba kuwadziwa mayiwo ndi makutu asanawaone ndi maso. Nthawi imeneyo n'kuti akadali ndi tsitsi, akukonza mawailesi m'kachipinda kapansi pa masitepe a nyumba ina yosanja. Tsiku lina m'mawa kuseri kwa khoma kudayamba phokoso ngati matalala pa malata. Adapirira mpaka dzuwa paliwombo, kenaka adadzambatuka, sikuludalaiva ili m'manja, kuti akaone amene akugumula nyumba. Adapeza mtsikana wowonda, wakhosi lalitali, akutaipa pa makina achitsulo, maso ali kukhomo, zala zikuyenda zokha.

"Chemwali, mukundisokoneza. Sindikumva ngati wailesi yachira kapena ayi."

"Ngati wailesi yanu ikugonja ndi zala zanga, ndiye kuti sinachire," adayankha mtsikanayo osaleka kutaipa.

Ubwenzi wao udayamba ndi chipongwe chimenecho. Anthu a mumsewumo adamutcha mtsikanayo Zalakhumi, poti alembi ena onse ankajompha ndi zala ziwiri, koma iye ankagwiritsa zonse. Chodabwitsa n'choti akagwira cholembera ankasanduka munthu wina: kulemba pang'onopang'ono, zolembazo ngati papalasa nkhuku, mwiniwake osatha kuziwerenga likacha. Makina achitsulo atatha ntchito, a Zalakhumi adasamukira pa kompyuta, ndipo a Kawaya nawo adasiya mawailesi n'kuyamba kutsegula mimba za makompyuta. Adakalambira limodzi mumsewu womwewo, wina akuthamangitsa makina, wina akuwapoletsa.

A Zalakhumi adakwatiwa mochedwa. Adawatenga ndi a Nyundo, bambo wofedwa, mmisiri wosula matanki a madzi, amene adali kale ndi mwana wamwamuna wamkulu ndithu. Phokoso la malata lidawadya makutu a Nyundo pang'onopang'ono, ndipo atapuma pantchito kudabwera matenda a m'khutu amene adatsiriza zotsalazo n'kuwasiyira chizungulire. Akatembenuka mwadzidzidzi, kapena akaona chinthu chikugwedezeka pafupi ndi maso, nyumba yonse inkawazungulira. Chinenero chamanja sadachiphunzire; ankati manja ake adaphunzira nyundo basi.

Ndiye pabalaza pao padali kompyuta yaikulu yapatebulo, imene a Kawaya adaikonza kalekale kuti izionetsa zilembo zikuluzikulu popanda chilichonse chogwedezeka. Mayi ankataipa, bambo n'kumawerenga n'kumayankha ndi mawu okweza ngati akuitana munthu wa tsidya lina la msewu. Ngakhale kukangana ankakangana choncho. A Kawaya akapita kukacheza ankamva mbali imodzi yokha ya mkangano ali panja: "Wabodza iwe! Ambulera ndinaisiya pakhomo!" kenaka matalala a zala, kenaka kuseka.

Foni idalira tsiku lina chakumasana, a Kawaya akupukuta fumbi m'kompyuta ya munthu.

"Achimwene, siyani chilichonse mubwere kuchipatala. Khonde la madokotala a anthu okalamba." Adali a Zalakhumi. "Akufuna kunditengera bambo."

"Ndani, chemwali?"

"Mwana wao. Bwerani, ndidzakuuzani konkuno."

Adawapeza pa benchi yaitali pakati pa odwala ena. A Nyundo adali atatsinzina, mutu atautsamiritsa kukhoma, kansalu konyowa kali pachipumi. A Zalakhumi adafungata laputopu yakale, yokhuthala ngati njerwa, nthambo yake italowa m'soketi ya pansi pa benchi. Chapatali pang'ono, pafupi ndi zenera, mwana wachisamba wa a Nyundo ankayendayenda, makiyi a galimoto akulira m'manja.

Nkhani idali iyi. A Nyundo adagwa kubafa, patangopita masabata ochepa adagwanso pakhonde. Mwanayo, amene ankakhala kutali, atamva adabwera mtima uli m'mwamba. Adayesa kulankhula ndi atate ake mofuula, iwo n'kumayankha zina. Adawafunsa za mankhwala, iwo adayankha za mvula. Iye adatsimikiza kuti mutu wa atate ake wayamba kusokonekera, ndipo adakonza zoti dokotala awayeze. Dokotala akavomereza kuti nkhalambayo singathenso kudzisankhira zochita, ankanyamuka nayo madzulo omwewo kupita nayo kwake. Za amayi ake omupeza adangoti, "Nyumba yathu ndi yaing'ono, amayi. Muzidzabwera kudzawaona."

"Kompyuta yakunyumba siinyamulika," adanong'ona a Zalakhumi. "Ndiye mwanayu anabweretsa iyi, akuti inali yake, anakaiikitsa zatsopano kusitolo. Talowa kwa adokotala m'mawa uja. Iwo akufunsa, ine ndikutaipa, koma zilembo zikubwera m'mbuyo ngati ana otopa. Ndikafika kumapeto kwa funso lachiwiri, pa sikirini pakutuluka loyamba. Bambo akuyankha loyamba, adokotala akudikira yankho la lachiwiri. Ine kuti ndikuze zilembo, chinthu chija chinayamba kutsetsereka, kufufuma, kuzimiririka. Bambo anangoti 'Chotsa!' n'kutsinzina. Kenaka anasanza, achimwene. Pamaso pa adokotala."

"Ndiye adokotala ati bwanji?"

"Ati sangaweruze munthu akusanza. Tikhale panja, atiitananso akatha odwala ali pamzerewa. Zikakanikanso, alemba kuti kuyezako sikunatheke, tidzabwerenso mwezi wina. Koma uyo sadikira mwezi. Zovala za bambo zili kale m'galimoto."

A Kawaya adayang'ana mzerewo. Udali waufupi moopsa.

Adakhala pansi, naika laputopuyo pamaondo. Atadina batani lotsegulira mndandanda wa mapulogalamu, mndandandawo sudangotuluka ayi: udakwera kuchokera pansi modukizaduka, ngati munthu wokwera masitepe ndi bondo lotupa, uli mbuu ngati galasi lakubafa, chithunzi chakumbuyo chikuonekera mkati mwake. Atatsitsa tsamba lolembapo, lidafota pang'onopang'ono n'kutsetserekera pansi, likuima panjira. Atalibweza n'kutaipa mawu angapo, kamzere kothwanima kotsogolera zilembo sikadadumphe. Kadayandama, kakukoka zilembo m'mbuyo mwake. Kamphepo ka mkati mwa makinawo kankalira mosalekeza.

"Aiveka nkhalamba nsapato zovinira," adatero a Kawaya. "Chikomekome cha mkuyu."

Mwana uja adali atafika kumbuyo kwao. "Amalume, pepani, koma musawapatse amayi chiyembekezo chabodza. Vuto si kompyuta. Inuyo simunawaone adadi atagona pansi kubafa, magazi ali pachipumi. Ine ndinatumiziridwa chithunzi."

"Sindikukana, mwanawe."

"Ndiye mukonza chiyani pano? Mugula yatsopano pakhonde la chipatala?"

"Sindikonza kanthu. Ndingoivula zokongoletsa. Ukuona kuyandama uku, ndi kuonekera ngati galasi uku? Chilichonse chikasuntha, makinawa ayenera kujambula chithunzi chimodzi kambirimbiri, ndipo kuti aonetse galasilo ayenera kuyamba aona zakumbuyo n'kuzisakaniza ndi zakutsogolo. Kwa kompyuta yatsopano zimenezo ndi masewera. Kwa iyi ndi katundu. Tikazichotsa siisanduka mnyamata, idzayakabe mochedwa ngati ine m'mawa. Koma idzaleka kuvina, ndipo mphamvu zochepa zimene ili nazo zidzapita ku zilembo."

Chitseko cha dokotala chidatseguka, wodwala wina adatuluka, wina adalowa. Pa benchi padatsala mayi mmodzi wa ndodo ndi iwowo.

A Kawaya adalowa m'masetingi, mbali ya zothandiza anthu ovutika kuona. Tsamba lililonse linkatseguka mozengereza, ndipo iwo ankamva maso a a Zalakhumi akuwaboola m'khosi. Adapeza timabatani tiwiri, ka zoyendayenda ndi ka kuonekera ngati galasi. Adazimitsa koyamba. Adazimitsa kachiwiri, ndipo pomwepo mzere wapansi pa sikirini udaleka kuonetsa zakumbuyo, udangokhala mtundu umodzi wolimba ngati khoma lopaka penti.

Akadalekera pomwepo bwenzi zonse zili bwino. Koma mantha amamuchititsa munthu zoposa muyeso. A Kawaya adakumbuka kuti mkatikati muli tsamba lina lakale, lokhala ndi timabokosi tambirimbiri tochonga, ndipo pamwamba pake pali chosankha chimodzi chothimitsa zokongoletsa zonse nthawi imodzi kuti makina athamange. Masiku onse ankachotsa timabokosito kamodzikamodzi, akuwerenga. Tsiku limenelo adangodina chothimitsa zonsecho n'kuvomereza. Sikirini idachita mdima pang'ono, idati adikire, kenaka idabwerera. Adatseka pulogalamu yolembera n'kuitsegulanso kuti iyambe mwatsopano, ndipo idatenga nthawi yake yonse, monga adanenera, mpaka a Zalakhumi adayamba kuguguda zala pa bondo.

"Yesani, chemwali."

Matalala aja adagwa. Zilembo zidatuluka limodzi ndi zala, kamzere kothwanima kakudumpha patsogolo pake ngati kale. A Zalakhumi adapuma mpweya wautali. Adawagwira amuna ao paphewa, nawatembenuzira sikiriniyo pang'onopang'ono. Adali atalemba kuti: TSEGULANI MASO BAMBO. YALEKA KUVINA.

A Nyundo adatsegula diso limodzi, kenaka linalo. Adayang'anitsitsa, nasendeza nkhope pafupi, nakwinya chipumi.

"Sizikugwedezeka," adafuula, anthu a pakhondepo n'kucheuka. "Koma walemba ndi minga? Zilembo zake zadyedwa ndi chiswe. Sindikuona bwino."

A Kawaya adasuzumira. Zilembozo zidali zowonda, m'mbali mwake muli manomano ngati mpeni wa macheka. Mwa timabokosi tonse adathimitsa tija mudali kamodzi kamene si kokongoletsa chabe: kosalaza m'mphepete mwa zilembo. Kwa maso a mnyamata si kanthu. Kwa maso okalamba, amene angotha kumene kuzungulira, ndi ntchito ina.

Chitseko chidatseguka. Mayi wa ndodo uja adali atalowa kale osamuona, ndipo tsopano ankatuluka. Namwino adasuzumira. "Agogo aja a m'mawa, lowani."

"Tikubwera, anamwino," adatero a Zalakhumi, osasuntha. Kenaka chapansipansi: "Kawaya, mwandipha."

Chiyambire sadawaitanepo dzina lopanda ulemu.

"Mwaona?" adatero mwana uja, koma m'mawu mwake mudalibe chipambano, mudali kutopa. "Tiyeni tingolowa, amayi, zithe."

"Ndipatseni kamphindi kamodzi kokha," adatero a Kawaya.

Chifukwa cha changu, kamuvi ka pa sikirini kadaphonya kawiri. Koma tsopano masamba ankangoti tseguke, popanda kufufuma, popanda kudikira kuti amalize kutsetsereka. Adafika pa timabokosi tija, natsika nato ndi chala pa galasi, milomo ikuwerenga. Namwino adakhosomola. Adakapeza kosalaza zilembo kaja chakumunsi, nakachonga kokhako, navomereza. Sikirini idaphethira.

Zilembo zidanona.

"Ehee!" adafuula a Nyundo. "Tsopano ndi zilembo za anthu."

Batire la laputopuyo lidali lotha, losakhalitsa likachoka pamagetsi, ndipo ikadazima bwenzi kuyakanso kwake kutadya nthawi yonse ya dokotala. Choncho a Kawaya adazula nthambo, nainyamula yotsegula ndi manja awiri ngati mbale ya msuzi wotentha, nalowa nayo patsogolo pa onse, maso akusakasaka soketi. Adaipeza kuseri kwa kabati. Atailumikiza adangokhala chogwada pakona, ndipo palibe adawatulutsa.

Dokotalayo adali mayi wamagalasi, wooneka kuti sadadye chamasana. Adakoka mpando n'kukhala moyang'anana ndi a Nyundo.

"Amayi, mulembe zokhazo ndanena. Osawonjezera, osawathandiza."

"Ntchito yanga ndi imeneyo, adokotala. Ndakalamba nayo."

Adafunsa za tsiku, mwezi, ndi malo amene adali. Funso lisanathe m'kamwa mwa dokotala linkakhala litafika kale pa sikirini, ndipo yankho linkabwera ngati bingu. Dokotala adasendeza mpando wake m'mbuyo pang'ono chifukwa cha mawuwo. Kenaka adati, "Ndiwapatsa mawu atatu, awasunge, ndidzawafunsa pambuyo pake. Akawerenga muwafufute. Mpando. Mtsinje. Lumo."

A Nyundo adawawerenga mokweza. A Zalakhumi adawafufuta, ndipo mawuwo adangoti zii nthawi yomweyo, osasiya chithunzithunzi. Padatsatira mafunso ena: kuwerenga chobwerera m'mbuyo, kujambula nkhope ya wotchi papepala, kutchula nyama zimene akuzidziwa. Pa wotchi a Nyundo adadandaula kuti pensulo ndi yobuntha, koma bwalo lao lidatuluka lozungulira ngati chivundikiro cha tanki.

"Tsopano mawu atatu aja."

"Mpando," adatero a Nyundo. "Mtsinje."

Adaima.

Ngakhale kamphepo ka laputopu kadali katatsitsa mawu. A Kawaya adaona zala za a Zalakhumi zili lende pamwamba pa mabatani. Zilembo zinayi zokha, zala zimenezo zikadazilemba n'kuzifufuta dokotala asanaphethire. Chala chimodzi chidagwedezeka. Kenaka mayiwo adachotsa manja onse awiri n'kuwapinda pachifuwa, maso ali kudenga. Mwana uja adaleka kuliza makiyi.

A Nyundo adakanda kumutu, dzanja lidatsikira kutsaya, lidakhudza ndevu zosameta za masiku angapo, ndipo adamwetulira.

"Lumo! Limene mwana uyu wandibisira, akuti ndidzicheka."

Dokotala adaseka pang'ono, nalemba kwa kanthawi. Atadzutsa mutu adalankhula akuyang'ana a Nyundo, osati mwana wao, ndipo a Zalakhumi adataipa liwu lililonse. Adati kuyeza kwa tsiku limodzi sikunena zonse, adzafuna kuwaonanso, koma zimene waona lero ndi makutu ogontha ndi chizungulire, osati mutu wosokonekera. Kugwako n'koopsadi, ndipo awatumiza kwa a zamakutu ndi kwa ophunzitsa kuyenda mosagwa. Kenaka adafunsa, "Nanga inuyo bambo, mukufuna kukhala kuti?"

A Nyundo adawerenga funsolo kawiri. Adatembenuka pang'onopang'ono, monga adazolowerera, mpaka adayang'anana ndi mwana wao.

"Iwe, unkafuna kupita nane kwanu?" Zidaoneka kuti nkhaniyi ankaimva koyamba. "Kumeneko adzandilankhula ndani? Makutu anga ndi awa akhala apawa. Ukanditenga ine, n'kusiya makutu anga, watenga chiyani?"

Mwanayo adatsegula pakamwa kuti ayankhe, nakumbukira kuti n'kopanda phindu. Adawerama pambali pa amayi ake omupeza. Iwo adamusendezera laputopuyo. Adajompha ndi zala ziwiri, akufunafuna chilembo chilichonse: NDIIKA ZOGWIRIRA KUBAFA MAWA.

"Uike zachitsulo," adafuula a Nyundo. "Ndidzaziyesa ndekha. Ndipo ubweze lumo langa."

Panja, akutsitsa chikwama cha zovala m'galimoto, a Zalakhumi adawayandikira a Kawaya. "Achimwene, lija ndinakuitanani dzina lija..."

"Sindinamve, chemwali. Nanenso makutu ayamba."

A Nyundo adakhala m'nyumba mwao mpaka tsiku lao lomaliza, zaka zingapo pambuyo pake, ndipo adatsikira kuli chete ali pabedi lao, akazi ao ali pambali. Laputopu ija idatsala pamenepo. Mwana uja adafuna kugula yatsopano, koma a Zalakhumi adakana, ati iyi idaphunzira kale ulemu.

M'zaka zao zotsiriza nyamakazi idawapinda zala zija, ndipo makutu nawo adayamba kutseka, ngati kuti ugonthi adawasiyira amuna ao monga chuma chamasiye. A Kawaya, atayamba kuyendera ndodo, ankapitabe kukawaona. Tsiku lina adalankhula, nalankhulanso mokweza, mayiwo akungoti "Mwati?" Potsiriza a Zalakhumi adaloza laputopu ija ndi chibwano.

Idayaka mochedwa monga mwa masiku onse, onse awiri akuidikira ngati akudikira mnzao womanga nsapato. Tsamba loyera lidatseguka, lili phee. A Kawaya adavala magalasi, natambasula zala ziwiri, nayamba kusaka zilembo za moni. Chilembo chilichonse chinkatuluka msangamsanga n'kumadikira chinzake.

A Zalakhumi adapirira mpaka pakati pa liwu lachiwiri.

"Achimwene," adafuula, mawu ao atakwera ngati a malemu amuna ao, "makinawa munawachotsa zochedwetsa zonse. Nanga inuyo adzakuchotsani ndani?"